Oyilo wafeki amaululika pa mphete ya chitsekero

"Achimwene, ndagula oyilo wa 20W-50 wa malita 5 motchipa kwambiri. Makaniko wanga akuti ndi feki, wogulitsa akulumbira kuti ndi weniweni. Onani zithunzi zitatuzi. Ndithire?"

Musathire, bambo. Chandidetsa nkhawa ndi chithunzi chachiwiri, cha pakhosi pa chigubu.

Kufakitale, chitsekero ndi mphete yake zimaumbidwa pamodzi, zolumikizana ndi timilatho tating'ono ta pulasitiki totalikirana mofanana. Mukapotokola koyamba timaduka, mphete n'kutsala pakhosi. Pa chanu ndikuona timilatho titatu tokha, ndipo tiwiri n'tonenepa, tonyezimira, mmbali mwake mwayera ngati chikungu. Kuyera kumeneko ndi chizindikiro cha guluu wogwira msanga uja. Ena amagwiritsa ntchito kachitsulo kamoto, pamenepo pamatsala kachipsera kosungunuka. Chigubuchi chinatsegulidwapo.

Mwina mudabwa ndikanena kuti chigubucho chikuoneka chenicheni. Zigubu zotere amapanga ndi pulasitiki ya HDPE, ya nambala 2 m'kachizindikiro ka ngodya zitatu pansi pake. Amaipopera mpweya m'chikombole cha mbali ziwiri, ndiye pokumana mbalizo pamatsala mzere wotsika uku ndi uku, wodutsa pa chogwirira mpaka pansi. Wanu ndi wowonda, wowongoka. Chikombole chotchipa chimasiya mzere wokhuthala, wokanda chala, mbali ina itakwera pang'ono kuposa inzake, ndi zotsalira za pulasitiki zosadulidwa bwino m'kati mwa chogwirira. Apa ndi pomwe ambiri amapusitsika: amaona mzere wabwino n'kukhulupirira, kuiwala kuti akathyali amatola zigubu zenizeni m'magalaja, kutsuka, n'kuthiramo oyilo wina.

Lebulo ikuvomereza zomwezo. Ngodya yapansi yatukuka, fumbi lakakamira m'mphepete ndipo pepala lachita makwinya, monga limachitira likanyowa n'kuuma. Ya makina imagona mosalala, popanda matuza kapena guluu wotulukira kunja. Makampani ena amaumbira lebulo m'pulasitiki momwemo, moti chikhadabo sichipeza pogwira. Mukaona mtundu wotero uli ndi pepala losendeka, ubwezeni.

Nditumizireninso chithunzi cha pansi. Zigubu zambiri zili ndi kachizindikiro konga wotchi kosonyeza mwezi ndi chaka chomwe chinaumbidwa. Chigubu chimayamba kuumbidwa, oyilo n'kuthiridwa pambuyo, choncho tsiku losindikizidwa ndi inki likakhala la m'mbuyo kuposa la wotchiyo, wina wanama. Jambulani panja pamthunzi, kuwala kuchokere chammbali, ndipo pa WhatsApp mutumize ngati Document kuti chisafufutike.

Chithunzi sichingatiuze chomwe chili m'katimo, izo n'za kulabu. Koma injini yanu musayesere nayo. Chitsekero musachipotokole, chifukwa mphete yomatidwayo ndiyo umboni wanu. Nyamulani chigubucho ndi lisiti mubwerere kwa wogulitsa.