Kalata ya ntchito ya mlangizi wa amayi ndi makanda: yambirani pa tsiku lachitatu

"Amayi, ndimakhala ku Mufakose, koma makolo anga ali kumudzi cha ku Domboshava, komwe kuli mabanja ambiri ochokera ku Malawi. Amayi a chigwirizano tasonkha ndalama kuti tizithandiza mayi mmodzi woyendera oyembekezera ndi makanda kumeneko. Andipempha kuti ndilembe kalata yofotokoza ntchito yake. Ndilembemo chiyani?"

Mayi anga, musanagwire cholembera, kwerani kombi mukaonane ndi namwino wamkulu wa pakiliniki ya m'deralo. Kuno ku Zimbabwe alangizi a zaumoyo a m'midzi, aja anzathu achishona amawatcha mbuya utano, amasankhidwa ndi mudzi, kuphunzitsidwa kudzera ku Unduna wa Zaumoyo, ndipo amayankha kwa namwino wa pakiliniki. Mwina m'mudzimo alimo kale mmodzi amene akungosowa njinga ndi ndalama ya foni. Choncho mzere woyamba wa kalatayo unene kuti womuyang'anira pa zachipatala ndi namwinoyo. Chigwirizano chanu chizimuthandiza pa zosowa zake.

Ndagwira ntchito ya uzamba zaka zambiri, ndipo makalata otere ndawaona. Ambiri amangoti "aziphunzitsa amayi za ukhondo ndi kadyedwe." Mawu otere samuuza munthu kuti Lachiwiri m'mawa alowere khomo liti. Inu lembani ntchitoyo mwa masiku. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mayi ndi khanda aonedwe m'maola 24 oyamba, kenako pa tsiku lachitatu, kenako pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso pakatha masabata 6. Masiku amenewo alembedwe momwemo. Makanda ambiri amene timataya amatisiya m'sabata yoyamba, ena mwa iwo mayi atatuluka kale kuchipatala, ali m'chikuta momwe namwino sangamuone.

Chikutacho ndi nkhani yofunika kuiganizira msanga. Kwathu mlendo salowa chisawawa mchombo usanagwe, ndipo amene amasunga khomo ndi agogo kapena apongozi. Mlangizi akayamba kuonekera tsiku lachitatu, akhoza kuthera pakhonde. Nchifukwa chake ndimati kalatayo imutume kunyumbako kawiri mayi akadali woyembekezera. Akaone ngati wayamba sikelo, ngati akumwa mapiritsi owonjezera magazi, ndipo akhale pansi ndi bambo ndi apongozi kukambirana za galimoto ya ndani idzawanyamula usiku, ndalama yake ili kuti, ndani adzatsala ndi ana. Pomwepo apemphe chilolezo chodzalowa m'chikuta, ndi lonjezo loti adzamuimbira foni tsiku lomwe mayi wachira.

Tsopano tsiku lachitatulo. Lembani zimene akachite motsatana. Asambe m'manja ndi sopo asanakhudze mwana. Ayambe ndi mayi, chifukwa aliyense amathamangira khanda ndi kuiwala amene walibereka: afunse za magazi, ngati akuchepa kapena akuchuluka, ngati zotuluka zikununkha, ngati thupi likutentha, ngati mutu ukuwawa kwambiri maso nkumachita chidima. Kenako aone mwana akuyamwa ndi maso ake, osangokhutira ndi yankho loti "akuyamwa bwino." Chibwano cha mwana chikhudze bere, pakamwa patseguke kwambiri. Akatero awerenge mpweya, ayeze kutentha kwa thupi kukhwapa, aone mchombo ngati wafiira kapena ukutuluka mafinya, ndipo aone maso, zikhatho ndi kumapazi pamalo owala ngati pali chikasu.

Manambala ofunika ndi ochepa, ndipo alembedwe m'kalatamo kuti pasakhale kuganizira. Khanda lopuma ka 60 kapena kupitirira pa mphindi imodzi likupuma mothamanga. Kutentha kwa madigiri 37.5 kapena kupitirira ndi koopsa, chimodzimodzinso kuzizira kosafika 35.5. Pamwamba pa izi pali kukana bere, kukomoka, chifuwa kulowa mkati kwambiri popuma, ndi mwana amene sagwedezeka pokhapokha mutamukhudza. Chizindikiro chimodzi chokha nchokwanira kuti anyamuke kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndikuuzeni za mlangizi wina amene ndinkagwira naye ntchito. Anafika pakhomo pena tsiku lachitatu, m'mwezi wa Juni kukuzizira. A pakhomopo anamulandira mosangalala, amvekere mwanayu ngwofatsa, salira, usiku wonse wagona. Mawu amenewo ndi amene anamudzidzimutsa, popeza khanda la masiku atatu limayenera kuyamwa kasanu ndi katatu kapena kuposa pa usana ndi usiku. Anamuvundukula pachifuwa pokha, nayang'ana wotchi mphindi yathunthu, napeza 66. Makanda amapuma modukizadukiza, ndiye kuwerenga theka la mphindi nkuchulukitsa kumanamiza. Anadikira pang'ono, mwana ali phee, nawerenganso: 64. Themometa inaonetsa 35.2. Atamuika kubere anangonyambita nkusiya. Pamchombo panali popaka mafuta osakaniza ndi phulusa.

Sanakalipire aliyense za phulusalo, inali isali nthawi yake. Anaika mwana pachifuwa cha mayi ake khungu ndi khungu, namuveka chipewa, nawamanga ndi chitenje, bulangete pamwamba. Anaimbira namwino kuti akubwera, nalemba pakapepala tsiku lobadwa, manambala atatu aja ndi nthawi imene anayeza, ndipo anakwera nawo galimoto imene banjalo linagwirizana nayo kale mayi ali ndi pakati. Mwanayo anagonekedwa nkulandira jakisoni wa mankhwala opha tizilombo. Atatuluka, mlangizi anapitakonso, ndipo ndi pamenepo pamene anakhala pansi ndi agogo kukambirana zoti mchombo uzisiyidwa woyera ndi wouma, osapakapo kanthu kupatula chimene akuchipatala apereka.

Mwaona kuti iye sanapereke mankhwala. Kalata yanu ikhale ndi ndime ya zimene saloledwa kuchita, ndipo ine ndimaiona yolemera kuposa ndime zina zonse. Sachiritsa mayi pakhomo. Sabaya jakisoni. Sapereka mankhwala amene sanaphunzitsidwe ndi kupatsidwa ndi kiliniki. Sauza munthu aliyense, ngakhale inu a chigwirizano, kuti mayi uje ali ndi HIV. Ngati mayiyo wamuululira yekha, mlangizi angoonetsetsa kuti mayi akumwa ma ARV, mwana akulandira mankhwala ake oteteza, ndiponso kuti apita kukayezedwa pa tsiku limene kiliniki yanena. Ndimeyi imamuteteza iye mwini. Usiku wina adzamugogodera anthu, matenda atayamba, akumuchonderera kuti athandize pompo, ndipo adzafunika pepala loti aloze pokana, uku akuimba foni yoitana galimoto.

Zotsalazo nzachidule. Khanda lobadwa losafika makilogalamu 2.5 aziliyendera kowonjezera ndi kuthandiza mayi kulisunga pachifuwa, njira ija ya kangaru. Aziona pakadi ngati katemera wa BCG, woteteza ku chifuwa chachikulu, waperekedwa. Azisunga kaundula wa oyembekezera ndi obadwa, nkumupereka kwa namwino mwezi uliwonse.

Pomaliza lembani zimene inu mukulonjeza: themometa, wotchi yoonetsa masekondi, sopo, kaundula, tochi, ndalama ya foni, ndi kangachepe kake pa tsiku lodziwika la mwezi. Chiwerengero cha makomo mugwirizane ndi namwino poyang'ana mtunda, chifukwa munthu woyenda pansi sangafike tsiku lachitatu pakhomo lililonse ngati mwamupatsa midzi isanu. Posankha munthu, sukulu yokwanira kuwerenga themometa ndi kulemba kapepala ndi yofunika, koma mufunsenso agogo a m'mudzimo ngati ameneyo angamulole kulowa m'chikuta cha mdzukulu wawo.