Alandilodi sakuyankha za denga lodontha, ndichite chiyani?

"Ndimachita lendi ku Dedza boma. Denga lakuchipinda likudontha, silingi yayamba kufufuma. Ndawalembera alandilodi katatu pa WhatsApp, akuwerenga koma zii. Sindikufuna kukangana nawo chifukwa nyumba zikuvuta kupeza. Nditani?"

Achimwene, uthenga wachinayi usafanane ndi atatu aja. Uthenga wongoti "Bwana, denga lija likudonthabe" ndi wosavuta kuudumpha, chifukwa suwauza eninyumba chochita, mtengo wake kapena tsiku. Ambiri amakhala chete poopa kuti mukufuna malata atsopano denga lonse, ndiye ntchito yanu yoyamba ndi kudziwa kukula kwa vutolo.

Itanani kalipentala akwere padenga kukacha bwino. Kawirikawiri madzi amalowera pamisomali yomwe yagwedera, pomwe malata awiri akumana, kapena pamsonga pa denga, ndipo amatha kuyenderera pamtanda nkukadonthera kutali ndi pomwe alowera. Nchifukwa chake kungomata phula pamwamba pa dontho nthawi zambiri sikuthandiza. Kalipentalayo alembe papepala zomwe wapeza, zipangizo zofunika ndi ndalama ya ntchito yake, asayine. Inu jambulani zithunzi mvula ili mkati: silingi yofufumayo, khoma lonyowa ndi katundu amene waonongeka. Ngati madzi afika pafupi ndi babu kapena mawaya, zimitsani magetsi pa swichi yaikulu ndipo muwaimbire foni eninyumba tsiku lomwelo, chifukwa zimenezo si zodikira sabata.

Tinene kuti kalipentala wapeza lata limodzi lobooka ndi misomali yogwedera, zonse pamodzi K60,000. Uthenga wanu ukhale wotere:

"Bambo, mwaswera bwanji? Ndinakulemberani pa 3, pa 10 ndi pa 17 mwezi uno za denga lakuchipinda. Tsopano silingi yafufuma monga mukuonera pazithunzizi, ndipo ikasiyidwa igwa. Kalipentala wati pakufunika lata limodzi ndi misomali, zonse K60,000, pepala lake ndi ili. Chonde mundiuze pofika Lachisanu ngati mutumize mmisiri wanu, kapena mundilole ndikonzetse ndekha nkuchotsera pa lendi ya mwezi wamawa, malisiti ndikupatsani. Zikomo."

Muuthengawu mulibe "mukundinyoza" kapena "ndikakusumirani". Mawu otero amawapatsa mpata woyankha za khalidwe lanu nkusiya za denga. Komanso musapepese ngati mukupempha chifundo, lendi mumalipira. Mphamvu ya uthengawu ili pa masiku, zithunzi, mtengo ndi tsiku lomalizira. Mwawaonetsanso kuti nyumba ikuonongekayo ndi yawo, ndipo kusintha silingi yonse kudzawadyera zambiri kuposa lata limodzi. Masiku asanu mpaka asanu ndi awiri ndi okwanira nthawi ya mvula.

Lachisanu likadutsa, imbani foni kamodzi kapena pitani kwawo masana. Ngati nyumbayo imayang'aniridwa ndi ejenti kapena wachibale wawo, naye alandire uthenga womwewo, chifukwa nthawi zina mwini ndalama si amene mukumulembera. Mukagwirizana pakamwa, tumizani uthenga madzulo ake: "Monga tinakambirana lero, mmisiri abwera Lolemba." Zapakamwa zimaiwalika, makamaka tsiku lotuluka m'nyumba likafika.

Apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa: kukaniza lendi, kapena kuchotsera okha popanda chilolezo. Musatero. Mukangotero nkhani imatembenuka, inu mumasanduka wangongole ndipo eninyumba apeza chifukwa chokutulutsirani. Onani kaye zomwe pepala la mgwirizano wanu likunena pa zokonza, ngati mulinalo. Pitirizani kulipira pa nthawi yake, makamaka kudzera pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki kuti umboni utsale, ndipo muchotsere pokhapokha iwo alemba kuti avomera, ndi ndalama yake yeniyeni.

Zikakanikabe, lembani kalata yapapepala yokhala ndi mfundo zomwezo, makope awiri. Pokapereka tengani mboni, munthu wamkulu amene iwo amamulemekeza, ndipo eninyumbawo asayine kope lanu. Akakana kusayina, mboniyo ilembe tsiku ndi nthawi yomwe mwapereka. Kuchoka apo nkhaniyo mukhoza kuitengera kwa amfumu a dera lanu kuti akukhazikeni pansi nonse awiri. Ngati katundu wanu waonongeka kwambiri kapena ayamba kukuopsezani kuti mutuluke, kafunseni uphungu ku Legal Aid Bureau kapena kwa kalaliki wa khoti la majisitireti, mutanyamula kalata ija, zithunzi, pepala la kalipentala ndi umboni wa lendi yonse yomwe mwalipira.