Mwambi wa pachikuto suchedwa kuulula

"Achimwene, ndamaliza kulemba buku la nkhani yaitali. Mtsikana wa ku Kachulu akukwatiwa ndi bambo wachuma wopikula matemba. Nyanja ya Chilwa itaphwa mu 1995, zikuululika kuti chuma chonsecho chinali cha katapila, ndipo bwato lomwe malemu bambo ake anamusiyira, mwamunayo analipinyolitsa kalekale. Pamapeto mtsikanayo akumusiya n'kukaliwombola yekha. Ndalitcha Chikomekome cha Mkuyu, koma mnzanga atangoona mutuwo wandiuza za mwamunayo asanatsegule n'komwe. Ndilitche chiyani? Ndine mlongo wanu wa ku Matawale."

Achemwali, mnzanuyo si mlosi ayi. Aliyense amene anakulira kuno akamva kuti "chikomekome cha mkuyu" pakamwa pake pamamaliza pokha kuti "m'kati muli nyerere". Inu mwalemba theka la mwambi poganiza kuti theka linalo mwabisa, koma theka linalo lili kale m'mutu mwa wowerenga. Choncho bambo wa matemba uja akangotulukira pa tsamba loyamba atavala nsapato zonyezimira, tonse tikudziwa kuti ndiye mkuyu. Chatsala n'kudikira nyerere basi.

Vuto la mwambi ndi loti ntchito yake ndi kugamula. Akuluakulu amauponya pabwalo mlandu utamveka mbali zonse, kuti atseke nkhani. Mukauika pachikuto ndiye kuti mwayamba ndi chigamulo, mboni zisanalankhule. Olemba a Chichewa timaukonda chifukwa tinazolowera chimangirizo cha kusukulu chija, choti "lembani nkhani yotsimikiza mwambi uwu". Pamayeso zimathandiza, poti woyesa amafuna aone kuti mwambiwo mwaumva. Koma munthu amene watulutsa ndalama yake kugula buku amafuna kuti mtima uzimuthamanga mpaka tsamba lomaliza. Inenso zinandionekera. Nkhani yanga ina ndinaitcha Safunsa, ndipo mkonzi wina anandibwezera atalemba ndi pensulo pambali pa mutuwo kuti "ndiye phula adya pa tsamba lanji?" Zinandiwawa, koma sananame.

Pali mawu enanso amene amaulula chimodzimodzi ngakhale si miyambi. Mneni wa nthawi yapita ndiye woyamba: mutu woti Anandipusitsa kapena Ndinalakwitsa wanena kale zomwe zinachitika. Ena ndi mawu ngati mapeto, malipiro, kulapa, chilango, misozi. Mukawaona pamutu wanu, dziwani kuti mwautenga kumchira kwa buku.

Ine ndimati mutu muzikautola pakati pa nkhani, ndipo chikhale chinthu chogwirika chomwe anthu a m'bukumo akuchigwira kapena kukanganirana. Tengani pepala, werenganinso buku lanu, muzilemba chinthu chilichonse chimene chabwera koposa kawiri. Kwa inu ndikuona bwato, matemba, ngongole, nyanja yophwa, matope ong'ambika a pa Kachulu. Kenako chilichonse muchifunse kuti: kodi wowerenga akafika kumapeto n'kutembenuza buku kuyang'ananso chikuto, mawuwa adzamveka mosiyana ndi mmene anamvekera poyamba?

Tiyeni tiyese. Chaka Chomwe Nyanja Inaphwa ndi mutu wosaulula za banjalo, ndipo anthu a kuno amakumbukira 1995 ngakhalenso 1968, pamene Chilwa anauma anthu n'kumayenda pansi kupita ku Chisi. Koma mutuwu ukulonjeza buku la chilala, pomwe lanu ndi la ukwati ndi chinyengo. Wogula adzamva ngati mwamugulitsa mphaka m'thumba. Komanso mwataya mwayi woti kuphwa kwa nyanjako kudzidzimutse anthu pakati pa nkhani. Bwato la Pamtunda likumveka bwino, likujambula chithunzi nthawi yomweyo, ndipo likununkhira mutu weniweni wa nkhani yanu, wa chinthu chomwe chachotsedwa pamalo pake. Ndingalipatse malo achiwiri. Chofooka chake n'choti tanthauzo lake silisuntha: pa tsamba loyamba ndi bwato losowa madzi, pa tsamba lomaliza ndi lomwelo.

Mawu amene ndingasankhe ine simunawatchule, koma ali m'nkhani yanu: Chikole.

Taonani mmene akugwirira ntchito. Kwathu kuno mnyamata akafunsira mbeta n'kuloledwa, amapereka chikole, kaya ndi ndalama, kaya mpango, chosonyeza kuti mtsikanayu ali ndi mwini mawu. Wowerenga akaona mutuwu, n'kupeza m'machaputala oyamba bambo wachuma akufunsira mtsikana wa kunyanja, akhazikika mtima kuti wamvetsa: ndi nkhani ya chitomero. Sanalakwe, ndipo inu simunamunamize. Koma chikole ndi katundu yemwenso munthu amasiya kwa wakatapila kuti akongole ndalama. Tsiku lomwe zikuululika kuti bwato la malemu lija linapita, mawu omwe aja atembenuka m'manja mwake. Ndipo akatseka buku ayamba kudzifunsa yekha ngati mtsikanayonso sanali chikole m'banjamo. Za kuti amusiya mwamunayo kapena apirira, bwato liwomboledwa kapena ayi, mutuwo sunanene kanthu.

Mutu wotere uli ndi mtengo wake, muudziwiretu. Muyenera kubwerera m'bukumo kukaukonzera malo. Ngati mulibe chochitika choperekera chikole cha ukwati, chilembeni, chikhale m'chaputala choyamba kapena chachiwiri, ndipo chikhale chokoma ndithu, azakhali akululutira. Kenako mawuwo muwasiye agone. Asabwerenso mpaka pakamwa pa wakatapila, ndipo atuluke mwamwayi chabe, ngati munthu akunena za malonda ake a tsiku ndi tsiku: "Bwatolo ndi chikole changa, mayi." Chonde musaike munthu wina woti afotokoze kuti mawuwa ali ndi matanthauzo awiri. Wowerenga akazitulukira yekha ndi pomwe amasangalala, mukamutafunira mwamulanda.

Musanakhulupirire ine, yesani. Pezani anthu 3 amene sadziwa nkhaniyi, asakhale mnzanu uja. Apatseni mutu ndi chaputala choyamba chokha, aliyense payekha, muwafunse mafunso awiri: bukuli likukamba za chiyani, ndipo litha bwanji? Funso loyamba ayenera kuyandikira, azitchula ukwati, lonjezo, mwina ngongole. Lachiwiri ayenera kusiyana. Awiri akanena mathero ofanana ndi anu, mutuwo ukudontha. Onse akasowa chonena pa funso loyamba, ndiye kuti mwabisa mopitirira, ndipo mutu wosanena kanthu sukopa munthu pa shelefu.

Mukadzasonkhanitsa nkhani zifupizifupi m'buku limodzi, muyeso wake umasinthako. Mathero amakhala ambiri, choncho kuulula sikuopsa kwenikweni. Choopsa n'kutenga mutu wa nkhani imodzi kukhala wa buku lonse, chifukwa anthu amathamangira nkhani imeneyo poyamba n'kuweruzira pomwepo zinzake zonse. Ngati si imene ili yamphamvu kuposa zonse, funani mawu omanga mtolo wonse.

Chomaliza n'chakuti mutu wa liwu limodzi ngati uwu savuta kufanana ndi wa munthu wina. Poti muli ku Zomba konkuno, kwerani kabaza mupite kumalo osungira zakale za dziko lino, komwe lamulo limati buku lililonse losindikizidwa m'Malawi lizisiyidwako, mukafufuze m'ndandanda wawo. Mukaupeza kuti ulipo kale, onjezerani malo, likhale Chikole cha ku Kachulu. Mukapange zimenezi musanalipire wojambula chikuto.