Kasitomala akapitirira malire a ngongole, katundu asatuluke

"Ndili ndi shopu yopikulitsa ku Limbe, ndimagulitsa shuga, sopo ndi mafuta ophikira kwa eni magolosale. Ambiri amatenga pangongole, ndipo anyamata anga amangowapatsa ngakhale asanamalize yakale. Kodi malire ndingawaike bwanji, nanga ndingaletse bwanji oda yopitirira?"

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Tiyambe ndi masiku obwezera, chifukwa ndalama ya malire imachokera pamenepo. Ngati amene amakupatsani katundu amafuna ndalama zake pakatha masiku 21, inu musapatse kasitomala masiku 30. Mukatero ndiye kuti mukuyendetsa golosale ya munthu wina ndi mpamba wanu. Shuga ndi sopo sizikhalitsa pashelefu, choncho masiku 7 kapena 14 ndi okwanira. Muziwerenga kuyambira tsiku limene katundu watuluka, ndipo tsiku lobwezera lilembedwe pa invoisi ndi deti lake lenileni. "Kumapeto kwa mwezi" si deti, aliyense amakumva mmene akufunira.

Tsopano tiyerekeze bambo wina wa golosale ku Thyolo. Kwa miyezi itatu wakhala akupikula ndi kashi katundu wa K2,400,000 pamwezi. Mukamupatsa masiku 14, ndiye kuti pa nthawi imeneyo amagulitsa pafupifupi theka, K1,200,000. Pamenepo ndi pothera. Ine ndikanayambira pa K800,000, n'kudzakweza akabweza pa nthawi yake kangapo. Dzifunseninso kuti atati wasowa ndi ndalama zonsezo, shopu yanu ingatsegulebe mawa? Ngati phindu lanu ndi K5 pa K100 iliyonse, kuti mubwezeretse K800,000 yotayika muyenera kugulitsa katundu wa K16,000,000.

Pamene ambiri amaphonya ndi powerengera zomwe kasitomala ali nazo kale. Amangoyang'ana ma invoisi osalipidwa. Bambo uja wabwera Lachinayi, akufuna mabelo a shuga ndi zigubu za mafuta za K300,000. Mnyamata watsegula kaundula, wapeza ngongole ya K520,000, waphatikiza yakwana K820,000, n'kunena kuti yangopitirira pang'ono, musiyeni atenge. Koma dzulo lake lole inanyamula makatoni a sopo a K180,000 omwe invoisi yake sinalembedwe. Ngongole yeniyeni ndi K700,000, mpata wotsala ndi K100,000 yokha. Oda yatsopanoyo ikatuluka, bamboyo afika pa K1,000,000.

Apa simukumubweza chimanjamanja ayi. Alipire K200,000 pompo atenge zonse, kapena atenge za K100,000 zinazo adzatenge akalipira. Koma cheke chomwe banki sinachivomereze musachichotsere pa ngongole, ndipo uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba muuone pa foni yanu, osati chithunzi cha pa foni yake. Chinandionekerapo ine: cheke chinabwerera katundu atagulitsidwa kale.

Malire a ndalama aja ndi loko woyamba, loko wachiwiri ndi wa masiku. Munthu akhoza kukhala pansi pa malire, koma invoisi yake ina yadutsa tsiku lobwezera. Ameneyonso aime mpaka alipire, ngakhale ngongole yake ili K90,000 chabe. Kuchedwa kumayamba ndi masiku awiri, kenako sabata, kenako kulipira zidutswazidutswa, ndipo mukaona zimenezi tsitsani malire musanadikire kuti asowe.

Ngati mumalemba mu Excel, ikani ma invoisi osalipidwa mu B, katundu wotuluka koma wosalembedwa mu C, oda yatsopano mu D, malire mu E, ndi masiku omwe wachedwa mu F:

```
=IF(OR(B2+C2+D2>E2,F2>0),"IMITSANI","TULUTSANI")
```

Mapulogalamu ena amachita zimenezi okha, koma muwayese kaye. ERPNext imakana oda yopitirira Credit Limit mpaka munthu wopatsidwa udindo avomere, pokhapokha wina atachonga kabokosi ka Bypass Credit Limit Check at Sales Order. Odoo, mukapanda kuisintha, imangochenjeza pa sikirini, ndipo chenjezo mnyamata wa pakauntala amalidumpha ngati kasitomala waima patsogolo pake akumumwetulira.

Ndiye chachikulu ndi chakuti wosunga makiyi a sitolo asatulutse katoni popanda pepala losonyeza kuti oda yaloledwa, ndipo wololeza kupitirira malire mukhale inu nokha, molemba, ndi deti lobwezera. Izi zimawapeputsiranso anyamata anu: kukana bambo wamkulu yemwe amapemphera naye mpingo umodzi n'kovuta, koma kunena kuti "abwana ndi amene angatsegule" n'kosavuta.

Malirewo muziwaunikanso miyezi itatu iliyonse. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, K800,000 yomweyo inayamba kugula mabelo ochepa, ndipo kasitomala wokhulupirika akanamatsekeredwa popanda kulakwa. Kwa otere kwezani ndalama ya malire, masiku obwezera asiyeni pomwepo.