Mapu a njira za ngamila m'chipululu cha Sahara: tiwawerenge bwanji?

"Aphunzitsi, mwana wanga wa ku sekondale wabwera ndi funso la mapu a kumadzulo kwa Afirika. Pali mizere yodutsa m'chipululu, mivi yoloza kumpoto ndi kummwera, ndi malo olembedwa A, B, C. Akuti atchule malowo, kenako afotokoze momwe amalonda a ngamila anafalitsira katundu, chipembedzo ndi nzeru zatsopano. Iye analemba kuti 'amalonda anafalitsa Chisilamu' basi, ndipo anapeza malikisi ochepa. Ndimuthandize bwanji?" (Mayi wa ku Kasungu)

Zikomo mayi. Zomwe mwana wanu analemba n'zoona ndithu, koma anangobweza funsolo kwa mwini wake. Wochonga akufuna kumva kuti zinachitika bwanji, kuti, ndipo anayamba kulandira ndani. Mayankho ambiri ali pa mapu omwewo.

Asanagwire cholembera, ayambe wapeza madzi. Mtsinje wa Niger umachokera kummwera chakumadzulo, n'kukwera chakumpoto mpaka kukhudza mphepete mwa chipululu, kenako n'kukhotera kummwera chakummawa ngati uta. Dontho lomwe lili pamwamba pa utawo ndi Timbuktu. La kummawa kwake, kumunsi kwa mtsinje, ndi Gao. La kummwera chakumadzulo ndi Jenne. Kumpoto kwenikweni, kunsi kwa mapiri a Atlas m'dziko la Morocco, kuli Sijilmasa, pomwe maulendo ankanyamukira. Akaona dontho lokhalokha pakati pa mchenga, popanda mtsinje, pa mzere wochokera ku Sijilmasa, nthawi zambiri ndi Taghaza, kuja ankakumba mchere. Msampha wina ndi dzina la Ghana. Ufumu wakale wa Ghana sunali kunyanja komwe kuli dziko la Ghana lero. Unali kumpoto kutali, mbali ya kummwera kwa Mauritania ndi kumadzulo kwa Mali. Ana ambiri ndawaona akuloza kunyanja, malikisi n'kupita.

Tsopano atenge rula. Tinene kuti sikelo ikuti sentimita imodzi ndi makilomita 200. Kuchokera ku Sijilmasa kufika ku Taghaza apeza masentimita anayi ndi kachidutswa, ndiye kuti makilomita oposa 800, pafupifupi kutalika kwa Malawi yense kuchoka ku Chitipa kufika ku Nsanje. Mwayi wake tili ndi mboni ya munthu amene anayenda njira yomweyi. Ibn Battuta, wa ku Tangier, ananyamuka ku Sijilmasa mu Febuluwale 1352 ndipo anafika ku Taghaza patatha masiku 25. Mukagawa, mupeza kuti mdipiti wa ngamila unkayenda makilomita ongopitirira 30 patsiku. Ulendo wonse mpaka ku Walata, mzinda woyamba wa ufumu wa Mali, unatenga miyezi iwiri.

Mzerewo pa pepala umaoneka ngati msewu, koma msewu kunalibe. Unali mndandanda wa zitsime, ndipo n'chifukwa chake umakhota. Kuchoka ku Taghaza, aulendo ankayenda masiku 10 m'dera lomwe madzi sankapezeka kawirikawiri. Chakumapeto, aulendo ankalemba ganyu munthu wa mtundu wa Masufa, wotchedwa takishifu, kuti atsogole ndi makalata ku Walata, anthu a kumeneko awachingamire ndi madzi mtunda wa masiku anayi. Takishifu akafera m'njira, a ku Walata sankadziwa kanthu, ndipo aulendo ambiri kapena onse ankafa ndi ludzu. Gulu la Ibn Battuta linalipira munthu ameneyu mitikali 100 ya golide, ndipo mitikali imodzi ndi magalamu anayi ndi pang'ono. Pamenepa mwana aone kale kuti malondawa sanali a Aluya okha. Popanda eni chipululu odziwa zitsime, palibe ngamila ikanafika.

Tibwere ku mivi. Muvi uliwonse umayankha funso loti: kumeneko kunkasowa chiyani? Kummwera, m'madera otentha a m'mbali mwa Niger, mchere unali wosowa kwambiri, pomwe golide analipo ku Bambuk ndi ku Bure. Kumpoto mafumu ankafuna golide wosulira ndalama. Choncho mchere, mkuwa, nsalu, mikanda, mahatchi ndi mabuku zinkatsikira kummwera, golide, minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo n'kumapita kumpoto. Akapolowo asawasiye polemba. Ngakhale okumba mchere ku Taghaza anali akapolo, okhala m'nyumba zomangidwa ndi zibuma za mchere, denga la zikopa za ngamila, kumalo kopanda mtengo ngakhale umodzi, kumene chakudya chonse chinkachita kubwera ndi aulendo.

Mitengo yomwe Ibn Battuta analemba imathandiza kwambiri. Ngamila imodzi inkanyamula zibuma ziwiri zazikulu za mchere. Katundu ameneyu ku Walata ankagulidwa mitikali 8 mpaka 10, koma ku likulu la Mali ankafika 20 mpaka 30, nthawi zina 40. Mchere womwewo, kungoti wayenda mtunda wina. Mwana akalemba zimenezi wasonyeza kuti wamvetsa chifukwa chomwe munthu ankaikira moyo wake pachiswe m'chipululu.

Aonenso kuti mizere ya ngamila imathera m'mphepete mwa chipululu. Kummwera kwake kuli chinyontho ndi kashembe, zomwe ngamila sizipirira. Katundu ankatsitsidwa n'kuikidwa pa abulu, m'mabwato a pa Niger, kapena pamitu ya anthu, ndipo kuyambira pamenepo malonda ankakhala m'manja mwa amalonda akuda otchedwa Awangara, omwe pambuyo pake ankadziwikanso kuti Adyula. Mizinda ngati Walata ndi Timbuktu inakula chifukwa chakuti inali posinthira katundu.

Posinthira katundu pamenepa ndi pomwe pali yankho la gawo lomwe linamuvuta mwana wanu. Chibuma cha mchere chimasintha mwini tsiku limodzi, koma chipembedzo chimafuna kuti anthu akhalire limodzi. Wamalonda amene wawoloka chipululu miyezi iwiri sankabwerera mawa lake. Ankadikira ngamila zinenepe, ngongole zibwezedwe, nyengo yotentha idutse. Ankachita lendi nyumba, ena n'kukwatira komweko, n'kumanga mzikiti, n'kuitana mwalimu wophunzitsa ana awo. Anthu ankawaona akupemphera kasanu patsiku, akulemba, akuweruzana milandu ya malonda mwa malamulo awo.

Al-Bakri, amene analemba mu 1068 ali ku Spain pofunsa amalonda, anafotokoza likulu la Ghana ngati mizinda iwiri yotalikirana mamailosi 6. Wina unali wa Asilamu, wokhala ndi mizikiti 12. Wina unali wa mfumu, yomwe inkatsatabe chipembedzo cha makolo ake, koma inalola mzikiti umodzi pafupi ndi bwalo lake kuti alendo azipempheramo. Omasulira a mfumu, msungichuma ndi nduna zambiri anali Asilamu. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Mfumuyi inkakhometsa msonkho wa dinari imodzi ya golide pa katundu wa mchere wa bulu mmodzi polowa m'dziko, ndi madinari awiri potuluka. Msonkho wotere umafuna munthu wodziwa kulemba ndi kuwerengera, ndipo odziwa kulemba anali amene anaphunzira Chiarabu pa Kurani. Apa chipembedzo ndi luso la kulemba zinalowera khomo limodzi.

Ndiye ndondomeko yake inali yotere: amalonda a m'deralo poyamba, chifukwa kukhala Msilamu kunkachititsa kuti mnzako wa ku Sijilmasa akukhulupirire pa ngongole, kenako mafumu ndi a kubwalo, anthu a m'midzi mochedwa kwambiri, ena patapita zaka mazanamazana. Al-Bakri yemweyo anasimba za mfumu ya ku Malal, dziko lina la kumeneko, yomwe inalowa Chisilamu mlendo wake atapempherera mvula pa nthawi ya chilala, koma anaonjeza kuti anthu wamba anakhalabe m'chipembedzo chawo. Mwana asalembe ngati kuti ngamila zitangofika dziko lonse linatembenuka.

Asalembenso ngati kuti olandirawo anataya zawo zonse. Ibn Battuta anayamikira Asilamu a ku Mali polimbikira Swala ya Lachisanu ndi kuloweza Kurani, koma anadandaula kuti anthu ankadzithira fumbi kumutu pamaso pa mfumu. Ku Walata anadabwa kuona kuti chuma cha munthu ankalowa ndi ana a mlongo wake, osati ana ake. Ndimaseka ndikawerenga pamenepa, chifukwa kwa ife a ku Kasungu, Dowa kapena Dedza, nkhani ya malume ndi mphwake siyodabwitsa konse.

Pa nzeru zatsopano, apereke zinthu zogwirika. Kulemba ndi chimodzi, ndipo pambuyo pake zilembo za Chiarabu zinagwiritsidwa ntchito polemba zinenero za komweko monga Chihausa ndi Chifulani. Miyeso ya golide ndi malamulo a ngongole ndi china: Ibn Hawqal, wolemba mabuku wa Chiluya wa m'zaka za m'ma 900, anaona ku Awdaghust, mzinda wa malonda wa m'mphepete mwa chipululu chakummwera, chikalata cha ngongole ya madinari 42,000. Ndiyenso nkhani sizinkayenda mbali imodzi. Mansa Musa, mfumu ya Mali, atadutsa ku Cairo mu 1324 popita ku Maka, anamwaza golide wambiri mpaka mtengo wake unatsika, ndipo mbiri ya Mali inafika ku Ulaya, kumene pa mapu a mu 1375 anamujambula atanyamula golide m'dzanja. Pobwerera anatenga wolemba ndakatulo wa ku Granada, al-Sahili, amene dzina lake limatchulidwa pa ntchito zomanga za nthawi ya mfumuyi.

Polemba yankho, ndime iliyonse ikhale ndi malo a pa mapu, chinthu chomwe chinayenda, ndi njira yomwe chinayendera. Mwachitsanzo: "Amalonda ochokera ku Sijilmasa ankakhala miyezi m'mizinda ya m'mphepete mwa chipululu, ndipo anamangamo mizikiti. Mafumu a Ghana anawalemba ntchito yomasulira ndi kulemba za msonkho wa mchere, choncho Chisilamu ndi luso la kulemba zinayamba kulowa kubwalo la mfumu zisanafike kumidzi." Ziganizo ziwiri zokha, koma muli malo, anthu, chifukwa ndi malire ake. 

Chinthu china choti ayang'ane ndi chaka cholembedwa pa mutu wa mapuwo, chifukwa njira zinkasuntha. Mapu a cha m'ma 1000 amaonetsa Awdaghust ndi Kumbi Saleh, ndipo ufumu woti autchule ndi Ghana. A cha m'ma 1300 amaonetsa Walata, ndipo ndi Mali. Akaona mizere yambiri ikuthera ku Timbuktu ndi Gao, afika nthawi ya Songhai, ufumu womwe asilikali a Morocco anaugonjetsa ku Tondibi mu 1591, atawoloka chipululu chomwechi ndi mfuti, mkangano wake utayambira pa migodi ya mchere ya ku Taghaza.