Akamwa piritsi kumchezo, kodi madzi ambiri ndiwo mankhwala?

Kalata iyi yachokera kwa mchemwali wina wa ku Chitakale, ku Mulanje:

"Mng'ono wanga wa zaka 21 anapita ku dansi wochezera pa loji ina kuno. Mnzake wochokera ku Joni anamupatsa kapiritsi kamene amati Ecstasy. Anzake ankamuumiriza kumwa madzi kuti asatenthe thupi, ndipo akuti anamaliza mabotolo 8 a theka la lita pa maola ngati atatu. Kum'bandakucha mutu unamuwawa kwambiri, anasanza, ndipo ankayankhula zosamveka. Anagona, pano ali bwino. Kodi madziwo ndi amene anamupulumutsa? Ndikudziwa kuti sandimvera ndikamuletsa, ndiye ndimuuze chiyani?"

Achemwali, madziwo sanamupulumutse. Mmene mwafotokozeramu, ndiwo akanamupha. Sindinamuone mng'ono wanuyo ndipo magazi ake sanayezedwe, koma mutu, kusanza ndi kubwebweta pambuyo pa malita 4 ndi zizindikiro zimene zimandiopsa kwambiri. Anzake aja ankamufunira zabwino. Anamva mbali imodzi ya nkhani, mbali inayo palibe anawauza.

Mankhwala amene amayenera kukhala mu piritsi la Ecstasy dzina lake ndi MDMA, ena amati Molly. Amayamba kugwira pakatha mphindi 30 mpaka ola, ndipo mphamvu yake imakhala maola 3 mpaka 6. Munthu amasangalala, kutopa sakumva, maso amatong'oka, nsagwada zimalimba mpaka kukukuta mano, kukamwa kumauma gwaa. Kuchezera ndi piritsili kumatsegula njira ziwiri za imfa, ndipo chovuta n'chakuti wothawa njira yoyamba mosadziwa amakagwera mu yachiwiri.

Yoyamba ndi kutentha. Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37. MDMA imakweza kutentha kwa m'thupi, imafinyanso timitsempha ta pakhungu timene timathandiza kutulutsa kutenthako. Onjezanipo kuvina kosapuma, chifukwa chenjezo la kutopa lija lazimitsidwa. Ndiye ganizirani holo ya malata mwezi wa Okutobala, mawindo otseka kuti phokoso lisatuluke, anthu atathinana, mpweya wathu wachinyontho wa kuno kumatiyi umene thukuta siliuma msanga. Musanyengedwenso ndi chiperoni cha mu Juni. Panja pamazizira ndithu, koma pakati pa gulu m'chipinda chotseka munthu amapsa chimodzimodzi. Thupi likapyola madigiri 40 pavuta. Likafika 41 kapena 42 minofu imayamba kuonongeka, zinyalala zake zimakatseka impso, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, chiwindi chimavulala, magazi amasiya kuundana bwino. Panado pamenepa sathandiza, chifukwa si kutentha kwa malungo.

Malangizo oti "imwani madzi" anachokera pamenepo, ndipo si abodza. Koma madzi amangobwezeretsa thukuta limene latayika. Sachotsa mankhwalawo m'thupi, sawasungunula, ndipo saziziritsa munthu amene akupitiriza kuvina m'chipinda chotentha.

Njira yachiwiri ndi imene ndikufuna tikhalepo, chifukwa ndi imene ndikuganiza kuti inamukhudza mng'ono wanu. M'thupi muli mahomoni otchedwa ADH, amene ntchito yake ndi kuuza impso kuti zisunge madzi. MDMA imachititsa kuti mahomoni amenewa atuluke ambiri ngakhale thupi lisakufunika kusunga madzi. Ndiye munthu akumwa, kukamwa kukuumabe chifukwa cha mankhwalawo, akumwanso, koma kukodza sakukodza. Madziwo akungodzadza m'kati n'kumasungunula mchere wa m'magazi, umene kuchipatala amati sodiyamu. Mwa munthu wabwinobwino mcherewu umakhala pakati pa 135 ndi 145 akauyeza.

Tiwerengere limodzi. Mtsikana wolemera makilo 55 amakhala ndi madzi pafupifupi malita 28 m'thupi lonse. Tinene kuti mchere wake unali pa 140 pamene ankalowa m'holomo. Pa malita 4 amene anamwa, tinene kuti lita imodzi inatuluka m'thukuta ndi mkodzo, malita 3 n'kutsala. Mchere womwe uja tsopano wasungunuka m'malita 31, ndipo watsika kufika cha m'ma 126, pa usiku umodzi wokha. Thukuta nalonso limatuluka ndi mchere, ndiye mwina unatsika kuposa apo. Magazi akasungunuka mofulumira chonchi, madzi amalowerera m'ubongo ndipo ubongo umafufuma ngati nyemba zimene zagona m'madzi. Koma ubongo uli m'chigaza, ndipo chigaza sichitanuka. Mutu umayamba kuwawa, kenako mseru ndi kusanza, kenako kubalalika ndi tulo tachilendo. Zikapitirira munthu amagwa n'kumaphupha ngati wakhunyu, kukomoka, mpaka kusiya kupuma. Atsikana ndi amayi a msinkhu wobereka ndi amene vutoli limawagwira kwambiri kuposa amuna.

Izi zinadziwika kwambiri mu 1995, pamene Leah Betts, mtsikana wa ku England, anamwa piritsi limodzi pa phwando lokumbukira kuti wakwanitsa zaka 18. Sanali m'holo yothinana ayi, anali kunyumba kwawo. Anamwa madzi pafupifupi malita 7 pa ola limodzi ndi theka, anakomoka, ndipo anamwalira patapita masiku ochepa ubongo utatupa. Chaka chomwecho Anna Wood wa zaka 15 anafa mofananamo ku Sydney, ku Australia.

Chimene chandikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi mawu oti anagona. Ena mwa amene afa ndi vutoli anzawo anawagoneka kuti mowa kapena mankhwala awathere, iwo n'kubwerera kukavina. Munthu amene wamwa piritsi, wamwa madzi ambiri, ndiye akusanza ndi kusinza, si woti agone yekha m'galimoto kapena kuchipinda.

Ndiye muwasiyanitsa bwanji awiriwa, wotentha ndi womwa madzi ambiri? Yambani ndi kumukhudza pakhosi ndi pachifuwa. Wotentha amaotcha ngati wa malungo aakulu, mtima ukuthamanga, akupuma mwabefu, minofu yolimba kapena kunjenjemera. Thukuta likhoza kukhalapo kapena kuleka, musadalire zimenezo. Womwa madzi ambiri kawirikawiri thupi lake silotcha kwenikweni, koma amagwira mutu, amasanza, amayankha zosagwirizana ndi funso. Kenako funsani anzake mafunso awiri: wamwa mabotolo angati, ndipo wakodza liti? Mabotolo ambiri koma osakodza kwa maola, ameneyo musamupatsenso ngakhale kapu imodzi. Komabe dziwani kuti mavuto awiriwa amatha kubwera pamodzi mwa munthu mmodzi, ndipo pakati pausiku ndi tochi ya foni simungatsimikize. N'chifukwa chake lamulo lake ndi limodzi kwa onse: akabalalika mutu, mumuziziritse kunja kwa thupi, musamumwetse kanthu, ndipo mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Kuziziritsa kwake n'kotere. Mutulutseni panja pa mphepo, muvuleni jekete ndi zothina, mumuthire madzi ozizira thupi lonse, wina azimukupiza ndi chitenje kapena katoni. Ngati pa bala pali ayezi kapena mabotolo ozizira a mufiriji, muikeni m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Izi zizichitika galimoto ikufunidwa ndiponso m'njira monse. Akakomoka mugonekeni cham'mbali kuti masanzi asamutsamwe. Akamaphupha musamupanikize ndipo musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Chizolowezi chathu chomwetsa mkaka munthu amene wamwa poizoni pano chisiyeni, ndipo musayerekeze kumusungunulira mchere m'kapu poganiza kuti mukubwezeretsa umene watsika. Munthu wosinza amatsamwa, ndipo madzi a mchere wambiri pawokha amapha. Kukweza mchere wa m'magazi ndi ntchito ya kuchipatala, kumene amagwiritsa ntchito dripi yapadera ya mchere wa 3 peresenti, pang'onopang'ono, akuyeza magazi.

Kuchokera ku Chitakale, chipatala cha boma cha Mulanje ndi cha Mulanje Mission zili pafupi. A ku Thyolo ali ndi chipatala cha boma ndi Malamulo. Wodwala kwambiri amatumizidwa ku Queens ku Blantyre, ndipo ulendo umenewo umadya nthawi, choncho kudikira kuti kuche ndi kutaya maola amene simudzawapezanso. Munthu wokomoka sakwezedwa pa njinga yamoto ya kabaza ngati pali njira ina iliyonse yopezera galimoto.

Mukafika, nenani zoona. Ndikudziwa mantha ake, mapiritsiwa ndi oletsedwa ndipo palibe amene amafuna dzina lake limveke. Koma taganizirani dokotala wa usiku ku Mulanje akaona mtsikana wotentha thupi, wobwebweta, wophupha. Chimene chimabwera m'mutu mwake ndi malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi, ndipo sakulakwa kuganiza choncho. Wosanza amaonekanso ngati watha madzi m'thupi, woti aikidwe dripi. Mukangonena kuti "wamwa Ecstasy cha m'ma 11 koloko, wamwa madzi malita 4, sanakodze," mwamuthandiza kuganizira za mchere asanamuonjezere madzi ena. Ngati piritsi lina latsala, pitani nalo.

Tsopano choti mumuuze mng'ono wanu. Choyamba ndi chimene ine ndikukhulupirira ndi mtima wonse: thupi lake lasonyeza kale mmene limachitira ndi mankhwalawa, ndipo asawabwerezenso. Palibe muyezo wa madzi umene ungachititse piritsili kukhala losaopsa. Koma poti mwanena kuti mwina sakumverani, adziweko izi, iye ndi anzake. Amene akuvina asapyole botolo limodzi la theka la lita pa ola, ndipo azimwa mopsontha, osati kugugudiza. Amene wakhala pansi, theka la botololo pa ola ndi lokwanira. Adye kanthu ka mchere monga tchipisi kapena mtedza wokazinga. Thanzi ORS ndi yabwinoko kuposa madzi okhaokha, koma nayonso ikachuluka imasungunula magazi, ndiye imawerengedwa mu muyezo womwewo. Chimene chimateteza ku kutentha ndi kutuluka panja kukapuma kawirikawiri. Mowa, makamaka kachasu ndi zina zaukali, umabisa zizindikiro zonsezi, chifukwa aliyense amangoti waledzera.

Piritsi logulidwa m'thumba la munthu silidziwika za m'kati mwake, ngakhale litadindidwa chizindikiro chokongola. Ena amakhala ndi PMA kapena PMMA, mankhwala amene amachedwa kugwira koma amatenthetsa thupi koopsa. Munthu amaona ngati loyamba lija ndi lofooka, n'kumwa lachiwiri, kenako onse awiri amamugwira nthawi imodzi. Ndipo ngati mng'ono wanu kapena mnzake amamwa ma ARV amene muli ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir, mankhwalawa amalepheretsa chiwindi kuphwanya MDMA, moti piritsi limodzi limakhala ngati angapo. Tramadol ndi mankhwala ena a matenda a nkhawa nawonso saphatikizidwa ndi piritsili, amatha kuyambitsa kutentha ndi kuphupha.

Pakadali pano muyang'anitsitseni. Ngati mutu ukuwawabe, akuiwalaiwala, mkodzo ndi wakuda kapena wochepa, minofu ikupweteka kwambiri, kapena maso ayamba chikasu, mupite naye akamuyeze impso, chiwindi ndi mchere wa m'magazi, ngakhale iye akunena kuti ali bwino. Kukhumudwa ndi kusowa tulo kwa masiku awiri kapena atatu pambuyo pake kumachitika ndi mankhwalawa, ndiye masiku amenewa mukhale naye pafupi.