Zakuti x² − x − 6 > 0

"Ndapeza 3 ndi −2 koma mayeso akundithetha, ndikulakwa pati?"

Achimwene maruti mwapeza bwino, (x − 3)(x + 2) = 0, koma ntchito sinathe. Jambulani mzere wa manambala, muike −2 ndi 3, zigawo zikhala zitatu ndiye muyese nambala imodzi pachigawo chilichonse. Mukaika −3 mupeza 6, pozitivu, mukaika 0 ndi −6, negetivu, 4 akupatsani 6. Tikufuna zoposa ziro ndiye yankho ndi x < −2 kapena x > 3. Ana ambiri omwe ndimaphunzitsa ku Kawale kuno amathamangira kulemba x > −2, zimandiwawa bwanji, chonsecho 0 wakana kale. Marutiwo musawaphatikize, amapereka ziro ndendende, akanalowa chikanakhala ≥.